Kafotokozedwe ka Mizere ndi Mitundu ya Matabwa Kuti Chithunzi cha Chipinda Chioneke Chenicheni

Munthu akafuna chithunzi cha chipinda chomwe sichinamangidwe, amayamba ndi mawu. Mawuwo amawapereka kwa katswiri wojambula zipinda pakompyuta, kapena amawalemba m'pulogalamu yomwe imapanga zithunzi kuchokera ku mawu, ndipo m'njira zonse ziwirizi chimene sichinatchulidwe chimangolingaliridwa ndi wina. Ambiri akafika pa matabwa amalemba dzina la mtengo n'kulekera pomwepo, kenako amadabwa kuona makabati ooneka ngati amatidwa pepala losindikizidwa. Vuto lake n'lakuti dzina la mtengo limangonena komwe thabwa linachokera, pomwe diso la munthu limazindikira thabwa lenileni poona mmene linachekedwera, komwe mizere yake yaloza, kukula kwake, ndi kusiyana kwake ndi thabwa linzake loyandikana nalo. Ndifotokoza zinthu zimenezi motsatana pogwiritsa ntchito chipinda chimodzi: khitchini ya mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, yokhala ndi matabwa a oki pansi, makabati a wolonati ndi siling'i ya paini. Mapulogalamu ambiri amawerenga bwino Chingerezi, choncho mawu oyenera kutayipidwa ndawalemba monga momwe amaonekera pakompyuta.

Yambani ndi kachekedwe, dzina la mtengo libwere pambuyo

Mtengo wokula kumene nyengo zimasinthasintha umawonjezera mkombero umodzi chaka chilichonse, ndipo mizere yomwe timaiona pathabwa ndi mikombero yomweyo itadulidwa ndi sowo. N'chifukwa chake chipika chimodzi chikhoza kutulutsa matabwa atatu osafanana m'pang'ono pomwe. Sowo ikadutsa mopingasa mikombero pang'ono chabe, kotero kuti mikomberoyo yapendekeka madigiri osaposa 30 poyerekeza ndi nkhope ya thabwa, pakati pa thabwalo pamatuluka mizere yosongoka yolowana ngati mivi yotsatizana, ndipo m'mbali mwake mizere imawongoka n'kuthithikana. Kachekedwe kameneka ndi `plain sawn` kapena `flat sawn`, ndipo mivi ija imatchedwa `cathedral grain`. Mikombero ikaima pakati pa madigiri 30 ndi 60, mizere imatuluka yowongoka ndi yabata, ndipo ameneyo ndi `rift sawn`. Ikaima pakati pa madigiri 60 ndi 90 timati `quarter sawn`. Mizere imawongokanso, koma pa oki pamaoneka timawanga towala todutsa mopingasa mizereyo, totchedwa `ray fleck`, tomwe ndi timitsitsi tochoka pakati pa mtengo kupita ku khungwa titang'ambidwa m'litali mwake.

Zimenezi zili ndi malire omwe muyenera kuwasunga polemba. Simungapemphe mivi ikuluikulu pamodzi ndi timawanga tambiri ta `ray fleck` pathabwa lonse, chifukwa ziwirizi zimachokera ku makona osiyana a sowo, ndipo wojambula akayesa kuzikwaniritsa zonse amatulutsa thabwa lomwe nkhalango iliyonse silingabale. Simungapemphenso timawanga timeneti pa wolonati, pakuti timitsitsi take n'tating'ono kwambiri moti sitioneka motero. Kalipentala woona chithunzi chotere amazindikira msanga kuti china chake chalakwika, ndipo ngakhale munthu wosadziwa matabwa amangomva kuti malowo sakumukhutiritsa.

M'khitchini yathu, pansi tiika `plain sawn` chifukwa malo aakulu amafuna mizere yamoyo, ndipo pa zitseko za makabati tiika wolonati wa mizere yowongoka kuti maso asatope ndi kupikisana kwa mizere iwiri yaphokoso.

Kenako tchulani mtengo ndi zizindikiro zake zitatu

M'Chichewa mawu oti mtundu amatanthauza fuko la mtengo komanso kufiira kapena kuyera kwake, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti mukatchula chimodzi mwatchula zonse. Polemba zilekanitseni. Pa mtengo uliwonse nenani zinthu zitatu: timabowo take, kusiyana kwa mtima ndi mbali yakunja, ndi zipsera zake zachibadwa.

Timabowo ndi timipopi tomwe tinkanyamula madzi mtengo uli moyo. Mu oki ndi ashi timabowo tikulutikulu timasonkhana koyambirira kwa mkombero uliwonse, choncho mizere yake imaoneka yakuya ndipo chala chikadutsapo chimamva kukhakhala. Mawu ake ndi `open pores`. Mu mapulo ndi cheri timabowo n'tating'ono ndipo tamwazikana mofanana, kotero thabwa limasalala ndipo mizere yake ndi yofatsa, yomwe ndi `fine closed grain`. Wolonati ali pakati pa awiriwa. Paini alibe timabowo totere n'komwe; mizere yake imabwera chifukwa mbali ya mkombero yomera koyamba ndi yoyera ndi yofewa, pomwe yomera kumapeto ndi yofiirira ndi yolimba. Mukaona paini wokhala ndi timizere takuda ta timabowo ngati ta oki, dziwani kuti wojambula wangotenga oki n'kumupaka chikasu. Mbawa nayo ili ndi khalidwe lakelake: ulusi wake umapotoka uku ndi uko mtengo ukamakula, ndipo ikachekedwa moimitsa mikombero imatulutsa mipita yowala ndi yodera yosinthana, yomwe imaoneka kusuntha munthu akamayenda. Imeneyo ndi `ribbon stripe`.

Za mtima ndi mbali yakunja ndizo ambiri amaziiwala. Mtima wa wolonati ndi wabulauni woderako, nthawi zina wolowera ku pepo, koma mbali yapafupi ndi khungwa ndi yoyera ngati mkaka. Opanga makabati ena amaichotsa, ena amasiya kamzere kochepa m'mphepete mwa thabwa. Muyenera kusankha ndi kunena, chifukwa mukapanda kutero wolonati yense amatuluka wakuda mofanana ngati wopakidwa penti. Ine ndimakonda kupempha kamzere koyera pa chitseko chimodzi kapena ziwiri zokha, chifukwa kamzere kameneko kamachititsa kuti diso likhulupirire zitseko zina zonse. Nenaninso msinkhu wa thabwalo: cheri amada n'kufiira akakhala pa kuwala, paini amasanduka wachikasu cholowera ku uchi, pomwe wolonati amayera pang'ono ndi zaka. Khitchini yongomangidwa kumene ndi khitchini ya zaka khumi sizingakhale ndi paini wofanana.

Zipsera zachibadwa ndi mfundo, ming'alu yaing'ono ndi timizere ta utomoni. Mfundo ndi pomwe panali nthambi, ndipo chofunika kwambiri pa iyo n'chakuti mizere ya thabwa imaizungulira monga madzi amachitira ndi mwala wa pakati pa mtsinje. Mfundo yongokhala ngati dontho lakuda pamwamba pa mizere yowongoka ndi chizindikiro choyamba cha chithunzi chabodza. Nenani kukula kwake ndi kuchuluka kwake, mwachitsanzo mfundo zolimba za mamilimita 10 mpaka 25, imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse, ndipo muonjezere kuti mizere ikhote poizungulira.

Pansi: werengani matabwa musanalembe

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa pansi ndiye malo aakulu kwambiri a matabwa m'chithunzi ndipo ndi pomwe bodza limagwidwa msanga. Tengani khitchini yathu. Tikasankha matabwa a mamilimita 150 m'lifupi n'kuwagoneka motsata mbali yaitali, mamita 3 a m'lifupi afuna mizere 20 ya matabwa. Ngati matabwawo ndi otalika pakati pa mamita 1.2 ndi mamita 2, mzere uliwonse wa mamita 4 ukhala ndi zidutswa zitatu, nthawi zina zinayi, ndiye kuti pansi ponse pali zidutswa pafupifupi 60. Chiwerengero chimenechi n'chothandiza m'njira ziwiri. Choyamba, chithunzi chikabwera mukhoza kuwerenga mizere yooneka kuchokera ku makabati kukafika kukhoma lina. Mukapeza isanu ndi itatu yokha, matabwawo atuluka aakulu kuposa momwe munapemphera, ndipo chipinda chonse chioneka ngati choseweretsa ana. Chachiwiri, chimakuuzani kuchuluka kwa matabwa osiyana omwe akufunika. Wojambula akakhala ndi zithunzi za matabwa asanu ndi limodzi okha, thabwa lililonse libwerezedwa kakhumi, ndipo mfundo imodzi yooneka ngati diso idzapezeka malo khumi. Diso la munthu likangogwira mfundo imodzi kawiri, silikhulupiriranso china chilichonse m'chithunzimo.

Choncho lembani momveka kuti thabwa lililonse likhale ndi mizere yakeyake, ndipo mizereyo iduke pomwe thabwa lathera. Ili ndi vuto lomwe ndaliona kawirikawiri: mivi ya mizere imayamba pathabwa limodzi n'kupitirira pa linzake ngati kuti mipata yangojambulidwa pamwamba pa chinsalu chimodzi. Pansi penipeni zimenezi sizichitika, chifukwa matabwa oyandikana amachokera ku zipika zosiyana kapena ku mbali zosiyana za chipika. Pemphaninso kusiyana pang'ono kwa kuwala, ena oyererako, ena oderako, koma onse a banja limodzi. Kusiyanako kukakula kwambiri pansi pamaoneka ngati bolodi lochitirapo masewera.

Malo olumikizirana mitu ya matabwa asayang'anizane. Oyala matabwa amasiya mamilimita osachepera 150 pakati pa malo olumikizira a mizere iwiri yoyandikana, ndipo amapewa kuti malowo atsike ngati makwerero kapena abwerezedwe mzere wachiwiri uliwonse ngati njerwa. Tchulani kuti m'mphepete mwa thabwa lililonse mwasemedwa pang'ono, `micro bevel`, chifukwa kamthunzi kopyapyala kamene kamagwa mumpatamo ndiko kamauza diso kuti awa ndi matabwa olekana. M'mbali mwa khoma oyala amasiya mpata wa mamilimita 10 mpaka 15 kuti matabwa apeze pofufumira nthawi ya chinyezi, ndipo mpatawo umabisika ndi thabwa la m'munsi mwa khoma, kotero thabwa limenelo lisasowe m'chithunzi. Mawu a pansi pa khitchini yathu akhoza kukhala awa:

```
plain sawn white oak planks, 150 mm wide, random lengths 1.2-2 m,
staggered end joints, each board different, grain stops at joints,
open pores, few small knots, micro bevel, matte oil finish
```

Ngati mukufuna pansi pa tizidutswa tokhotakhota, samalani mayina awiri omwe amasokonezedwa. Pa `herringbone` mitu ya tizidutswa imadulidwa molunjika ndipo kachidutswa kalikonse kamagunda m'mbali mwa kanzake, pomwe pa `chevron` mitu imadulidwa mopendekeka, kawirikawiri madigiri 45 kapena 60, ndipo imakumana pamzere umodzi wowongoka.

Makabati: mizere imatsata kamangidwe

Pa kabati funso loyamba n'lakuti chitseko chinapangidwa bwanji, chifukwa komwe mizere yaloza kumadalira yankho lake. Thabwa limakhala lolimba motsata ulusi wake, choncho kalipentala amalicheka kuti mizere iyende m'litali mwa chidutswa chilichonse. Pa chitseko cha felemu, chomwe ambiri amachidziwa ndi dzina loti `shaker door`, timatabwa tiwiri toimirira, `stiles`, tili ndi mizere yoimirira, tiwiri topingasa ta pamwamba ndi pansi, `rails`, tili ndi mizere yogona, ndipo thabwa lapakati mizere yake imaimirira. Pamakona anayi pamaoneka kamzere kolumikizira pomwe mizere yogona ikugunda yoimirira. Chithunzi chikaonetsa mizere yoimirira kudutsa chitseko chonse, kuphatikizapo timatabwa topingasa, munthu amaona chitseko cha pulasitiki chodindidwa, ngakhale mtundu wa wolonati utakhala wolondola chotani. Mawu amodzi onena za timatabwa topingasa amakonza vutoli, ndipo ndimadandaula kuti ambiri sawalemba.

Chitseko chosalala chopanda felemu nthawi zambiri chimakutidwa ndi veniya, chomwe ndi chikopa cha mtengo chopyapyala pafupifupi mamilimita 0.6, chomatidwa pa bolodi. Apa lamulo la pansi lija limatembenuka. Masamba a veniya amasengedwa motsatizana kuchokera ku chipika chimodzi, choncho amafanana kwambiri, ndipo kubwereza kwa mizere kumakhala koona. Akatsegulidwa ngati masamba a buku, mbali ziwiri zimayang'anizana ngati pagalasi, ndipo ameneyo ndi `book matched`. Akangoikidwa pambali pa linzake osatembenuza, mizere imabwereza molunjika, `slip matched`. Kufananako sikukhala kotheratu, pakuti tsamba lililonse limasuntha pang'ono kuchoka pa linzake, ndipo n'kwabwino kutero polemba. Pa madilowa osanjikizana, mmisiri waluso amadula nkhope zake kuchokera ku bolodi limodzi kuti mizere ipitirire kuchoka pa dilowa lapamwamba kukafika lapansi, yongodukizidwa ndi mipata ya mamilimita pafupifupi atatu. Chenjerani ndi veniya wosengedwa mozungulira chipika, `rotary cut`, yemwe ndi wa pulayiwudi wamba ndipo ali ndi mizere ikuluikulu yosokonekera. Mukangolemba veniya osanena kasengedwe, nthawi zina mumalandira ameneyo.

Khitchini yathu tiipatsa zitseko za felemu zotalika mamilimita 720, felemu yake ya mamilimita 65:

```
walnut shaker doors, vertical straight grain on stiles and panel,
horizontal grain on rails, visible joint lines, 65 mm frame,
thin pale sapwood streak on one door, satin finish
```

Pakakhala shelefu kapena tebulo la thabwa lenileni lomwe mutu wake ukuoneka, tchulani `end grain`. Kumutu kwa thabwa kumaoneka timauta ta mikombero, ndipo kumakhala koderako chifukwa kumamwa mafuta ambiri. Mizere ya pamwamba ikangopindikira kumutu ngati nsalu yokutira, thabwalo lataya kulemera kwake konse.

Siling'i: chepetsani mawu

Siling'i ili kutali ndi diso, ndipo mtunda umachotsa zinthu zambiri. Diso labwino limalekanitsa zinthu za pafupifupi mamilimita 0.3 pa mtunda wa mita imodzi, ndiye kuti pa mamita atatu chinthu chochepera milimita imodzi chimasungunuka. Musataye mawu pa tizinthu tating'ono kumeneko. Zomwe zimaoneka ndi m'lifupi mwa matabwa, mthunzi wa m'mipata, mfundo ndi kusiyana kwa kuwala. Matabwa a siling'i amalowetsana lilime ndi ngalande, ndipo polumikizira pamakhala kakhwawa kosongoka. Tikasankha a mamilimita 100, khitchini yathu ifuna matabwa 30, ndipo ndimawagoneka molowera komwe matabwa a pansi aloza kuti chipinda chikhale ndi njira imodzi.

```
knotty pine tongue and groove ceiling, 100 mm boards, V-groove joints,
small tight knots, grain curving around knots, pale honey tone, matte
```

Siling'i ikatuluka ndi mizere yakuthwa ndi yaikulu kuposa ya pansi, imaoneka ngati yatsika kudzakhala pamutu pa munthu. Zikatero chotsani mawu ena onena za mizere m'malo moonjezera.

Zopaka pamwamba ndi kuwala

Mizere imaoneka chifukwa cha kuwala komwe kwagwapo, choncho kufotokoza thabwa osanena komwe kuwala kukuchokera n'kusiya ntchito pakati. Mafuta amalowa m'thabwa n'kusiya timabowo totseguka, kotero kuwala kwa pawindo kukafika chopendekeka kumamwazika ndipo timizere ta oki timaoneka ngati timithunzi. Vanishi wonyezimira amakuta pamwamba ndipo windo limaoneka m'menemo ngati pagalasi. Pa makabati ndi pansi, `matte`, zosanyezimira, kapena `satin`, zonyezimira pang'ono chabe, ndi zomwe zimapatsa mizere mpata woonekera. `glossy` pa oki wa timabowo totseguka nthawi zambiri amatulutsa pansi pooneka ngati ponyowa. Onjezerani kuti kuwala kukuchokera pawindo la mbali imodzi ndipo kukugwa chopendekeka, `soft side light from window`, chifukwa kuwala kochokera mbali zonse mofanana kumafafaniza timithunzi ta m'mipata tomwe tavutikira kufotokoza.

Kuyesa chomwe chabwera

Lembani mawu a malo aliwonse payekhapayekha, aliyense ndi dzina lake patsogolo, pakuti mukasakaniza mitengo itatu m'chiganizo chimodzi mfundo za paini zimasamukira pa makabati ndipo kuda kwa wolonati kumatsikira pansi. Mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu satsata manambala mokhulupirika ngati munthu wojambula, choncho pambali pa mamilimita ikani chofanizira chooneka, monga kunena kuti matabwa anayi a pansi akwane m'lifupi mwa chitseko chimodzi cha mamilimita 600.

Pa khitchini yonga imeneyi, chithunzi choyamba chomwe ndinalandira chinali ndi mtundu wabwino paliponse, koma nditachikulitsa pakona ya chitseko cha pansi pa sinki ndinapeza mizere ya kathabwa kopingasa itaimirira, ndipo pansi ndinawerenga mizere 11 yokha pamalo poyenera kukhala 16, kuchokera kutsogolo kwa makabati kukafika kukhoma. Ndinasintha za timatabwa topingasa poyamba, osakhudza china chilichonse, n'kupemphanso chithunzi. Zitakonzeka m'pamene ndinaonjezera chofanizira cha matabwa anayi pa chitseko chimodzi. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga. Pa chithunzi chachitatu mizere ya pansi inakwana 15, ndipo ndinaivomereza, koma mfundo imodzi ya pasiling'i inali ikuonekabe katatu pamzere umodzi pamwamba pa windo. Imeneyo sinafunenso mawu atsopano, chifukwa kufotokoza kunali kolondola kale. Ndinangopempha kuti matabwa atatuwo asinthidwe, awiri atembenuzidwe mutu ndipo limodzi lilowedwe m'malo ndi lopanda mfundo.